Nkhope Zophwatalala pa Kanema: Momwe Vidiyo Yotamuka Imakonzedwera

Masiku ano mwambo umodzi umajambulidwa ndi manja ambiri. Pa ukwati kapena pa chinkhoswe pamakhala wojambula amene walipidwa, ndiye palinso achibale ndi anzake a mkwatibwi, aliyense atatukula foni yake. Mwambo ukatha, tizidutswa tonseti timapita kwa munthu mmodzi kuti atilumikize pakhale vidiyo imodzi yoonera pa tivi. Pa tsiku loonera m'pamene vuto limatulukira: ankhoswe aja, omwe ndi aatali bwino, akuoneka afupi ndi ojintcha, nkhope za oimba zaphwatalala, keke yafutukuka m'mbali. Nthawi zina zimakhala zosiyana, anthu onse aonda ndipo mitu yawo yasongoka.

Ambiri amaimba mlandu foni kapena kamera, ena amangoti ndi mmene tivi yawo imaonetsera. Komatu kamera inajambula bwinobwino. Chithunzicho chinakokedwa panjira, ndipo nthawi zambiri chikhoza kubwezedwa mwakale ngati munthu wadziwa malo amene chinakokedwera komanso kuchuluka kwa mmene chinakokedwera.

Bwanji chithunzi sichikwana

Vidiyo ndi mulu wa zithunzi, ndipo chithunzi chilichonse ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiseli, tondandalikidwa m'mizere. Chithunzi chodzaza tivi yotambalala ya masiku ano chimakhala ndi mapikiseli 1920 chopingasa ndi 1080 mumsinkhu. Mukachepetsa manambala awiriwa mumapeza 16:9, kutanthauza kuti pa magawo 16 aliwonse opingasa pali magawo 9 a msinkhu. Muyeso umenewu anaupereka ndi katswiri wina wa ku America, Kerns Powers, m'chaka cha 1984, pofuna sikirini yoima pakati pa tivi yakale ndi mafilimu otambalala kwambiri a m'nyumba zoonetsera kanema.

Foni ikaimikidwa pojambula imatulutsa zotembenuza: 1080 chopingasa ndi 1920 mumsinkhu, muyeso wa 9:16. Vidiyo ya sikweya, yomwe inatchuka ndi Instagram, imakhala 1080 mbali zonse, muyeso wa 1:1. Palinso muyeso wakale wa 4:3, wa tivi zamsana zija, umene unali ponseponse pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999. Maukwati ambiri ojambulidwa pa matepi m'zaka zimenezo ali m'muyeso umenewu.

Tsopano ikani chithunzi cha sikweya pa sikirini ya 16:9. Msinkhu ukukwana ndendende, 1080 kwa 1080, koma chopingasa pakuperewera mapikiseli 840. Telala amene wapatsidwa nsalu yosagwirizana ndi muyeso amadziwa kuti angathe kuwonjezera chigamba kapena kudula, koma sangaikoke nsaluyo kuti ikwane popanda kuwononga maluwa ake. Pulogalamu ya pa kompyuta ilibe manyazi amenewo. Ikauzidwa kuti chithunzi chidzaze ngodya zonse zinayi, imakoka mapikiseli 1080 aja mpaka afike 1920, msinkhu osaukhudza. Chinthu chilichonse m'chithunzimo chimafutukuka kuwirikiza 1.78.

Vidiyo yoimirira imazunzika kawiri. Chopingasa imakokedwa kuchoka pa 1080 kufika pa 1920, kwinaku msinkhu ukupsinjidwa kuchoka pa 1920 kufika pa 1080. Zonse pamodzi, zinthu zimafutukuka kuwirikiza 3.16, ndipo munthu sazindikirika n'komwe. Ya 4:3 imafutukuka kuwirikiza 1.33 basi, ndipo imeneyi ndiyo yonyenga, chifukwa maso amaizolowera msanga moti banja likhoza kuonera chonchi zaka zambiri osadziwa kuti agogo aja sanali onenepa motero.

Pezani kaye pamene pagona vuto

Kutamuka kumachitikira malo atatu osiyana, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake. Amene wathamangira kukonza fayilo asanafufuze akhoza kuwononga vidiyo imene inalibe chilema.

Malo oyamba ndi choonetsera: tivi, dikoda, pulojekita kapena pulogalamu yoseweretsa vidiyo. Tivi zambiri zimatha kukoka chilichonse kuti chidzaze sikirini. Kuti mudziwe, tsegulani fayilo yomweyo pa foni kapena pa kompyuta. Ngati kumeneko anthu akuoneka bwino, fayilo ilibe mlandu. Tengani rimoti, pezani pamene palembedwa `Aspect Ratio` kapena `Picture Size`, musankhe `Original`, kapena `4:3` ngati vidiyoyo ndi yakale ija. Pa kompyuta, mu pulogalamu ya VLC, batani la `A` limasintha muyeso nthawi iliyonse mukalidina, ndipo sizachilendo kuti munthu alikhudze mwangozi. Pitirizani kulidina mpaka pa sikirini paoneke `Default`.

Malo achiwiri ndi chizindikiro cha mkati mwa fayilo. Kuwonjezera pa mapikiseli, fayilo ya vidiyo imanyamula kauthenga kouza choonetsera muyeso woyenera. Chitsanzo chomveka ndi cha ma DVD ndi makamera a matepi a dijito a kuno kwathu, omwe ankatsata dongosolo la PAL. Iwo amasunga chithunzi pa mapikiseli 720 ndi 576, kaya vidiyoyo ndi ya 4:3 kapena ya 16:9. Manambala ndi omwewo, chosiyana ndi kauthengako: kamauza choonetsera kuti chifutukule chithunzi pang'ono mpaka 768 ngati ndi 4:3, kapena kwambiri mpaka 1024 ngati ndi 16:9. Kauthengaka kakatayika kapena kulembedwa molakwa posamutsa vidiyo, anthu a mu vidiyo ya 16:9 amaonda, a mu vidiyo ya 4:3 yolembedwa kuti ndi 16:9 amanenepa. Mapikiseli enieniwo amakhala asanakhudzidwe.

Malo achitatu, omwe ndi ovuta kuposa enawo, ndi pamene kutamukako kwaphikidwira m'mapikiseli. Wolumikiza uja anakoka chithunzi, nasunga fayilo yatsopano ya 1920 ndi 1080. Fayilo yotere imadzinenera kuti ndi ya 16:9, ndipo sikunama, kungoti za mkatimo ndi zopotoka. Imaoneka molakwika pa chipangizo chilichonse.

Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imathandiza kusiyanitsa malo awiri omalizawa. Imaonetsa `Width`, `Height` ndi `Display aspect ratio`. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Ngati yankho likusiyana ndi muyeso umene walembedwa, mwachitsanzo 1080 ndi 1080 koma palembedwa 16:9, vuto likhoza kukhala pa chizindikiro. Ngati zonse zikugwirizana koma nkhope n'zophwatalala, ndiye kuti zinaphikidwa.

Mpira sunama

Funso lotsatira ndi lakuti chithunzi chinakokedwa motani. Kuyerekeza ndi nkhope n'kosathandiza, chifukwa anthu analengedwa mosiyanasiyana ndipo diso limakhululuka zambiri. Funani chinthu chimene mukudziwa kuti ndi chozungulira. Mpira ndiwo mboni yabwino koposa, popeza umaoneka wozungulira kaya mwauyang'ana kuchokera kuti. Wotchi yapakhoma, tayala la galimoto kapena chikopa cha ng'oma zimathandizanso, pokhapokha ngati zayang'anizana ndi kamera maso ndi maso. Mbale yomwe ili pa tebulo kapena tayala lojambulidwa chammbali zimaoneka zobulungira ngakhale m'chithunzi chabwino, ndiye zikhoza kukusocheretsani.

Imitsani vidiyo pamene chinthucho chikuoneka bwino, muike lula pa sikirini. Yezani chopingasa, yezani msinkhu, mugawe. Tinene kuti wotchi yapakhoma la holo ili ndi msinkhu wa masentimita 5 pa sikirini yanu. Ngati chopingasa ndi pafupifupi 6.7, yankho ndi 1.33 ndipo vidiyoyo inabadwa ya 4:3. Ngati ndi 8.9, yankho ndi 1.78, inali ya sikweya. Ngati ndi 15.8, yankho ndi 3.16, inajambulidwa foni itaimirira. Yankho likatsika pansi pa 1, monga 0.75, chithunzi chinafinyidwa: inali ya 16:9 imene yapanikizidwa mu 4:3. Lula sangakupatseni nambala yeniyeni mpaka kadontho komaliza, koma miyeso yodziwika ndi yochepa ndipo yatalikirana, choncho yankho lanu lidzayandikira umodzi mwa iyo.

Kukonza vidiyo imodzi, kuyambira pachiyambi

Tiyerekeze kuti mwalandira fayilo yotchedwa `kwaya.mp4`. Ikuoneka yotamuka pa tivi, pa foni ndi pa kompyuta pomwe. MediaInfo ikuti 1920, 1080 ndi 16:9, zonse zikugwirizana. Mwayeza ng'oma imene yayang'ana kamera ndipo mwapeza 1.78. Ndiye kuti ndi vidiyo ya sikweya yomwe inakokedwa n'kuphikidwa.

Musanachite china chilichonse, funsani ngati fayilo yoyambirira ilipo, kwa mwini foni kapena kwa wolumikiza uja. Kuyambira pa yoyambirira kumapereka chithunzi chabwino kuposa kukonza kulikonse. Ikakhala kuti inafufutidwa, sungani kope la fayilo imene muli nayo, mugwire ntchito pa kopelo.

Pali njira yachidule. Pulogalamu yaulere ya FFmpeg imatha kusintha chizindikiro chokha, mapikiseli osawakhudza:

```
ffmpeg -i kwaya.mp4 -c copy -aspect 1:1 kwaya_a.mp4
```

Izi zimatha m'kanthawi kochepa ndipo palibe chimene chimatayika, chifukwa `-c copy` ikutanthauza kuti chithunzi ndi mawu zingokopedwa momwe zilili. Fayilo yatsopanoyo imauza choonetsera kuti chifinye chithunzi chikhale cha sikweya. Ndiyo njira yoyamba kuyesa pamene vuto linali la chizindikiro cholakwika. Kufooka kwake n'kwakuti si choonetsera chilichonse chimene chimamvera kauthengaka. VLC imamvera, koma tivi ina yowerenga fulashi ikhoza kukanyalanyaza n'kuonetsabe zotamuka.

Njira yokhalitsa ndi kubweza mapikiseli enieniwo m'malo mwake:

```
ffmpeg -i kwaya.mp4 -vf "scale=1080:1080,setsar=1,pad=1920:1080:420:0" -crf 18 -c:a copy kwaya_b.mp4
```

Lamuloli likuchita zinthu zitatu motsatana. Mawu akuti `scale` akufinya chithunzi kuchoka pa 1920 kubwerera pa 1080 chopingasa, ndipo apa ng'oma ija yazunguliranso. Mawu akuti `pad` akuika chithunzicho pakati pa bwalo lakuda la 1920 ndi 1080. Nambala ya 420 yachokera pa mapikiseli 840 operewera aja: theka kumanzere, theka kumanja. Pakati pa ziwirizi pali `setsar=1`, pamene ambiri amapunthwa. FFmpeg ikasintha kukula kwa chithunzi imaganiza kuti mukufuna chizioneka monga kale, choncho imalemba yokha chizindikiro chouza choonetsera kuti chifutukulenso. Mukasiya `setsar=1`, mudzatsegula fayilo yatsopano n'kupeza nkhope zili zophwatalala ngati simunachite kanthu. Mawuwa amanena kuti pikiseli iliyonse ndi ya sikweya, pasakhale wofutukulanso. Pomaliza, `-crf 18` ikusunga chithunzi chowala bwino, ndipo `-c:a copy` ikusiya nyimbo momwe inalili.

Ikanakhala vidiyo yoimirira, manambala okha ndiwo akanasintha. Chithunzi cha 9:16 chokhala ndi msinkhu wa 1080 chimafuna mapikiseli 607.5 chopingasa. Timalemba 608, popeza mavidiyo ambiri a MP4 safuna nambala yosagawika pawiri. Zotsala ndi 1312, ndiye mbali iliyonse ilandira 656: `scale=608:1080` ndi `pad=1920:1080:656:0`. Ya 4:3 imafuna `scale=1440:1080` ndi 240 mbali iliyonse.

Amene sakonda kulemba malamulo angachite zomwezi m'pulogalamu yolumikizira vidiyo. Chinsinsi ndi kumasula loko amene amamanga msinkhu ndi chopingasa kuti ziziyendera limodzi. Mu Adobe Premiere Pro ndi kabokosi kolembedwa `Uniform Scale`. Mukakachotsa chizindikiro, siyani msinkhu pa 100, mutsitse `Scale Width` kufika pa 56.25 ngati inali ya sikweya, 75 ngati inali ya 4:3, kapena 31.64 ngati inali yoimirira. Mukatha, bwererani pa ng'oma ija ndi lula wanu. Yankho likhale 1.

Zimene sizibwerera

Kukonza kuli ndi malire ake. Ngati wolumikiza analemba maina a akwati, tsiku la mwambo kapena chizindikiro cha situdiyo yake pamwamba pa chithunzi chotamuka kale, zolembazo zinali zowongoka. Mukafinya chithunzi kuti anthu awongoke, zilembo ndizo zimaonda. Palibe njira yokonzera zonse ziwiri nthawi imodzi. Sankhani anthu, zilembozo muziphimbe ndi zatsopano.

Vidiyo ya ukwati kawirikawiri imakhalanso yosakaniza: gawo la kamera lili bwino, gawo la foni ya mlongo linali loimirira, lina linali la sikweya. Lamulo limodzi silingakonze fayilo yonse, lingangowononga magawo abwinowo. Pamafunika kudula pamalo aliponse pamene chithunzi chasintha gwero, gawo lililonse n'kuliyeza ndi kulikonza palokha.

Vidiyo yoimirira imene inapsinjidwa inataya mizere 840 mwa 1920 ya msinkhu wake. Ngati cholinga ndi kuionetsa pa tivi ya 1080, mizere yotsalayo ndi yokwanira. Koma mukafuna kuibweza pa 1080 ndi 1920 kuti idzazenso foni, maonekedwe adzawongoka koma kuthwa kwa chithunzi sikubwerera. Dziwaninso kuti nthawi iliyonse vidiyo ikasungidwa mwatsopano imataya pang'ono, choncho konzani kamodzi kuchokera pa kope labwino koposa limene muli nalo.

Nanga mipata ya m'mbaliyi?

Chithunzi chikawongoka, funso lija limabweranso: tidzaze bwanji sikirini? Njira zosapotoza munthu zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kusiya mipanda yakuda kumanzere ndi kumanja, monga lamulo lija lachitira. Chilichonse chimene chinajambulidwa chimaoneka, palibe chodulidwa. Makasitomala ena amadandaula kuti vidiyo sinadzaze tivi yonse, ndipo dandaulo limeneli ndilo limakankhira olumikiza ambiri kukoka chithunzi. Wojambula wodziwa ntchito amaonetsa kasitomala zithunzi ziwiri moyandikana, chokhala ndi mipanda ndi chotamuka, n'kufunsa kuti, “Mayi, ndi pati pamene mwana wanu akufanana ndi mmene alili?” Mipanda yakuda si chilema.

Yachiwiri ndi kukuza chithunzi mofanana mbali zonse mpaka chidzaze chopingasa, zotsala pamwamba ndi pansi n'kuzidula. Mtengo wake ndi wowerengeka. Pa vidiyo ya sikweya mumatsala ndi magawo 56 pa 100 a chithunzi. Pa yoimirira mumatsala ndi osakwana 32 pa 100, kachigawo ka 1080 ndi 608, komwe kayenera kukuzidwanso kuti kafike 1920. Munthu amene anajambulidwa thupi lonse akuvina amatsala mutu ndi mapewa, kapena miyendo yokha. Zimaipiraipira ngati kachidutswako kanabwera pa WhatsApp, yomwe imachepetsa mavidiyo potumiza. Tinene kuti kafika ndi mapikiseli 480 chopingasa: kuti kadzaze tivi kayenera kukuzidwa kanayi, ndipo nkhope zimasanduka zidutswazidutswa. Kudula kumayenera pamene chithunzi choyambirira ndi chakuthwa ndipo chofunika chili pamalo amodzi, monga munthu amene wakhala pansi akulankhula. Ngakhale apo, sunthani chodulira kuti mutu usadulidwe, musangosiya pulogalamu idule pakati.

Yachitatu ndi imene mumaiona kawirikawiri pa nkhani za pa tivi akamaonetsa vidiyo ya pa foni. Chithunzi chomwecho chimaikidwa kawiri. Cham'mbuyo chimakuzidwa mpaka kudzaza sikirini, n'kuchichititsa chimbuuzi ndi kuchidetsa pang'ono, cham'tsogolo chimakhala pakati ndi muyeso wake weniweni. Mapulogalamu a pa foni monga CapCut ali ndi chosankha chotchedwa `Blur` chochitira zimenezi. Sikirini imadzaza, munthu osapotoka. Chimbuuzicho chikhale chokwanira, apo ayi diso limakopeka ndi zimanja zikuluzikulu zogwedezeka m'mbali. Pa magule othamanga, pamene m'mbuyomo mumagwedezeka kwambiri, mtundu umodzi wodekha kapena mipanda yakuda imachita bwino kuposa chimbuuzi. Ngati pali mafoni awiri kapena atatu amene anajambula mphindi yomweyo, kuwaika moyandikana kumadzaza malo ndi zinthu zenizeni: zithunzi zitatu za 608 zimatenga 1824 mwa 1920.

Chenjezo limodzi pa mipanda: ikaphikidwa mu fayilo imakhala gawo la chithunzi. Vidiyo yoimirira yokhala ndi mipanda m'mbali ikatumizidwanso pa foni yoimirira, foniyo imawonjezera mipanda yake pamwamba ndi pansi, pakati n'kutsala kachithunzi kakang'ono kozingidwa ndi mdima mbali zonse. Choncho ikani mipanda pokhapokha pamene vidiyo ikulowa m'fayilo ya 16:9 pamodzi ndi zidutswa zina, kapena ikupita pa tivi yokonda kukoka. YouTube ndi Facebook zimalandira vidiyo yoimirira kapena ya sikweya momwe ilili, n'kudzikonzera zokha malo.

Kutseka mpata vuto lisanalowe

Kutamuka kwambiri kumalowa pa chosankha chimodzi chaching'ono. Pulogalamu iliyonse yolumikizira kapena yosinthira vidiyo imafunsa chochita ndi chidutswa chosagwirizana ndi muyeso wa ntchito yonse, ndipo mayankho ake amakhala atatu: `Fit`, kukwanitsa chithunzi chonse n'kusiya mipanda, `Fill` kapena `Crop`, kudzaza n'kudula, ndi `Stretch`, kukoka. Mu DaVinci Resolve lachitatuli analilemba kuti `Stretch frame to all corners`. Limeneli musalikhudze. M'mapulogalamu osinthira fayilo, amene amakuuzani kuti mulembe nokha manambala, onetsetsani kuti `Keep aspect ratio` ndi yoyatsa musanalembe 1920 ndi 1080.

Kwa eni mwambo, ntchito imayamba tsikulo lisanafike. Ngati vidiyo idzaonetsedwa pa tivi, uzani achibale amene adzajambule kuti agoneke mafoni awo. Potumiza zidutswa kwa wolumikiza, gwiritsani ntchito fulashi kapena chingwe, kapena muzitumize pa WhatsApp ngati `Document` kuti zisachepetsedwe. Polandira ntchito yomalizidwa, ioneni pa zipangizo ziwiri musanamalize kulipira, muimitse pamene pali chinthu chozungulira. Ndipo pemphani kuti akupatseni mafayilo oyambirira pamodzi ndi vidiyo yolumikizidwayo. Muyeso wa masikirini unasinthapo kale kuchoka pa 4:3 kupita pa 16:9, ndipo lero ambiri akuonera pa 9:16. Amene wasunga zoyambirira angathe kupanga vidiyo ina yoyenera sikirini iliyonse imene ingabwere, popanda kukoka nkhope ya munthu.